Karenti ikamayenda mu waya, chikuyendacho ndi chani kwenikweni?

"Moni akulu. Ku kalasi anatiuza kuti karenti imachoka ku pozitivi kupita ku negetivi, kenako akuti ayi maelekitironi amapita mbali inayo. Nanga anadziwa bwanji poti palibe anawaonapo? Aphunzitsi anangotchula voteji ya Hall n'kudumpha. Tandithandizeni."

Zikomo achimwene. Choyamba dziwani kuti babu, fyuzi, ngakhale mita yoyezera karenti sizingakuuzeni. Tinthu ta pozitivi tikamapita kumanja kapena ta negetivi tikamapita kumanzere, babu liyaka chimodzimodzi, waya atentha chimodzimodzi, mita iwerenga nambala yomweyo. Pamafunika chinthu chokankha tinthuto cham'mbali kuti tidziulule, ndipo chinthucho ndi maginito.

Tengani kachitsulo kopyapyala kotalika ngati lamba, mukagoneke pa tebulo, karenti iziyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Mphamvu ya maginito ibowole kachitsuloko kuchoka pansi kupita m'mwamba. Chilichonse chokhala ndi chaji chikamadutsa mopingasa mphamvu ya maginito chimakankhidwira m'mbali, ndiye tiyeni tiyese zonse ziwiri. Ngati tikuyendato ndi ta pozitivi, tikupita kumanja, ndipo maginito atikankhira ku m'mphepete komwe kuli pafupi ndi inu. Ngati ndi maelekitironi, akupita kumanzere, apo mbali yatembenuka kamodzi, koma chaji yawo ndi ya negetivi ndiye yatembenukanso kachiwiri, mapeto ake nawonso akankhidwira ku m'mphepete komweko kwa pafupi ndi inu. Apa ndi pamene ana asukulu ambiri amasokonekera, amaganiza kuti apita mbali zosiyana, ayi ndithu amapita mbali imodzi, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Poti mbali ndi imodzi koma chaji ndi yosiyana, m'mphepete mwa pafupi ndi inu mukhala pozitivi ngati oyendawo ndi a pozitivi, mukhala negetivi ngati ndi maelekitironi. Lumikizani mita ya voteji pa m'mphepete muwirimo, mopingasa osati motsatira utali, muone chizindikiro basi. Mu kopa, siliva ndi golide imaonetsa negetivi.

Anayamba kuona zimenezi ndi Edwin Hall mu 1879 ali wophunzira pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, pogwiritsa ntchito golide wopyapyala kwambiri. Nthawi imeneyo elekitironi inali isanadziwike n'komwe, J. J. Thomson anadzaitulukira mu 1897.

Kuunjikana kuja sikupitirira mpaka kalekale. Chaji ikamachuluka mbali imodzi imayamba kukankha anzake omwe akubwera, mpaka kukankha kwa chajiyo kufanane ndi kukankha kwa maginito, zikatero otsalawo amangodutsa molunjika ngati palibe chachitika. Voteji yomwe yatsala mopingasa pa nthawi imeneyo ndiye voteji ya Hall, ndipo masamu ake ndi awa:

```
V = I × B / (n × q × t)
```

I ndi karenti, B ndi mphamvu ya maginito mu matesila, t ndi kukhuthala kwa kachitsuloko, q ndi chaji ya elekitironi imodzi, ndipo n ndi chiwerengero cha tonyamula chaji mu kiyubiki mita imodzi. Taonani kuti m'lifupi mwa kachitsulo mulibemo mu masamuwa, chomwe chili ndi ntchito ndi kukhuthala, n'chifukwa chake Hall anafuna golide wopyapyala. Ndipo poti I, B, t ndi V zonse mutha kuziyeza, chosadziwika chimatsala n yekha, kutanthauza kuti mukuwerenga maelekitironi osawaona.

Tiyese ndi kopa. Kukhuthala 0.1 milimita, m'lifupi 1 sentimita, karenti maampeya 5, maginito a tesila 1 omwe ndi amphamvu zedi si a masewera. Mu kopa n ali pafupifupi 8.5 × 10^28.

```
V = 5 × 1 / (8.5×10^28 × 1.6×10^-19 × 0.0001)
V ≈ 3.7×10^-6 V
```

Mamayikulovoti 3.7 okha, karenti yonse ija ndi maginito onse aja. Chifukwa chake n'choti mu kopa maelekitironi ndi ochuluka mopitirira, ndiye kuti anyamule maampeya 5 safunika kuthamanga, pa chitsanzo chathuchi amangokwawa pafupifupi 0.37 milimita pa sekondi, ndipo maginito amakankha molingana ndi liwiro. Oyenda pang'onopang'ono amakankhidwa pang'ono. Tengani silikoni wokhala ndi n wa 10^22, kukhuthala 0.5 milimita, karenti ya miliampeya imodzi yokha ndi theka la tesila, mupeza pafupifupi 0.6 milivoti, kuposa ya kopa ija maulendo oposa 160 pomwe karenti mwaichepetsa maulendo 5000. Onyamula akachepa aliyense amayenera kuthamanga. N'chifukwa chake masensa a Hall a m'mafoni ndi m'mamota amapangidwa ndi semikondakita ngati silikoni osati kopa.

Tsopano mukapita ku labu kukayesa, chomwe chikupwetekeni ndi ichi. Mawaya awiri a mita aja amayenera kuyang'anizana ndendende, koma dzanja la munthu silingakwanitse. Pa kopa wathu uja voteji imatsika pafupifupi mamayikulovoti 85 pa milimita iliyonse motsatira utali, chifukwa cha rezisitansi wamba. Ndiye waya mmodzi akangosuntha ndi 0.1 milimita, mita iwerenga mamayikulovoti 8.5 abodza, kuposa kawiri chomwe mukufunacho, ndipo atha kukutembenuzirani chizindikiro mukalengeza kuti kopa ali ndi tonyamula ta pozitivi. Kuzindikira kwake n'kosavuta, chotsani maginito karenti ikuyendabe, mita ikapanda kubwerera pa ziro ndi imeneyo. Mankhwala ake ndi kuyeza kawiri, kachiwiriko mutatembenuza maginito. Ya Hall imasintha chizindikiro, yabodza ija siisintha, ndiye:

```
V = (V1 − V2) / 2
```

Mwachitsanzo mwapeza mamayikulovoti 12.2 kenako 4.8, kusiyana kwake 7.4, theka lake 3.7. Komanso musasiye karenti yayikulu ikuyenda nthawi yayitali, kachitsulo kakatentha mbali imodzi polumikizira mawaya pamabadwa voteji ina ya kutentha yomwe nayonso ili m'mamayikulovoti omwewo. Ine ndimakonda kutembenuza zonse, maginito ndi karenti, kuyeza kanayi.

Koma musachoke pano mukuganiza kuti yankho nthawi zonse ndi negetivi. Zinki, kadimiyamu ndi beriliyamu, mutayeza bwinobwino popanda cholakwika, zimapereka pozitivi. Silikoni wothiridwa boroni amaperekanso pozitivi, pomwe wothiridwa fosiforasi amapereka negetivi, ndipo opanga zipangizo amayeza chonchi kuti adziwe mtundu wa silikoni ali nawo. Si kuti mapulotoni ayamba kuyenda, iwo ali phee m'maatomu. Oyenda ndi maelekitironi omwewo, koma malo awo a mphamvu akatsala pang'ono kudzaza, gulu lonselo limachita ngati chikuyenda ndi mipata yopanda elekitironi, ndipo mpata uliwonse umachita ngati kanthu ka chaji ya pozitivi. Mipata imeneyi amaitcha mabowo. Kufotokoza kwake kwenikweni kunadikira fizikisi ya kwantamu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, patapita zaka pafupifupi 50 Hall atayeza.

Ndiye masamu aja muziwakhulupirira pomwe onyamula ndi a mtundu umodzi. Pomwe pali maelekitironi ndi mabowo limodzi, onse amaunjikana mbali imodzi ija n'kumafafanizana, voteji imachepa, ndipo mukaika mu fomula mupeza n wamkulu kuposa weniweni. Chizindikiro pamenepo chimatsatira kwambiri omwe amayenda mosavuta, osati ochuluka okha ayi, moti silikoni wosathiridwa kanthu yemwe ali ndi maelekitironi ndi mabowo ofanana chiwerengero amaonetsabe negetivi.