Msilikali wovomereza analipo, koma ndege ya anzawo inagwetsedwabe

"Ndimamva anthu akukangana za zida zosankha zokha chowombera. Ine ndimaona ngati palibe vuto bola pakhale msilikali wovomereza chidacho chisanawombere. Kodi zimenezi sizokwanira?"

Ayi, sizokwanira, ndipo zimene zinachitika ku Kuwait mu Malichi 2003 zikutiuza chifukwa chake. Ndege yankhondo ya dziko la Britain, ya mtundu wa Tornado, inkabwerera ku bwalo la Ali Al Salem kuchokera ku Iraq. Asilikali a America oyendetsa chida cha Patriot anaigwetsa, ndipo anthu awiri amene anali m'ndegemo anafa. Wovomereza analipo, ndipo anavomerezadi.

Patriot imagwira ntchito motere. Rada ikaona chinthu mumlengalenga, kompyuta imayeza liwiro lake, kutalika kwake kuchokera pansi ndi kumene chalunjika, kenako imachipatsa dzina: ndege kapena mzinga. Imatumizanso funso pa wailesi, ndipo kachida kotchedwa IFF ka m'ndege ya abwenzi kamayenera kuyankha ndi nambala yachinsinsi. Usiku umenewo Tornado ija inkatsika cholunjika kumene kunali rada, choncho kompyuta inaiyesa mzinga wosaka rada kuti uiphwanye. IFF ya ndegeyo inali itawonongeka, ndiye yankho silinabwere.

Tsono taganizirani msilikali uja. Anali ndi mphindi imodzi yokha kapena kuchepera apo. Zonse zimene ankadziwa zinachokera ku kompyuta yomweyo imene inalakwitsa, chifukwa zipangizo zina zolumikizirana ndi likulu, zimene zikanamuonetsa ndege zonse za m'deralo, zinali zisanafike. Ndiponso anaphunzitsidwa kukhulupirira makinawo. Akanakana ndi umboni uti? Akanazengereza, mzingawo n'kukhala weniweni, akanaphetsa anzake. Pasanathe masabata awiri, pa 2 Epulo, Patriot inanso inagwetsa ndege ya America yomwe ya F/A-18.

Kuti mudziwe ngati munthu akulamuliradi chida, funsani ngati ali ndi nthawi yoganiza, ngati ali ndi njira ina yotsimikizira chimene kompyuta yanena, komanso ngati anakanapo n'komwe pa maphunziro. Wovomereza chilichonse amangokhala chidindo, ndipo zikalakwika mlandu umagwera iyeyo.

N'chifukwa chake ine ndimagwirizana ndi zimene bungwe la Red Cross la padziko lonse linapempha mu 2021. Silinadalire batani lovomerezera lokha. Linati zida zosadziwika bwino zimene zingachite komanso zolunjika anthu ziletsedwe, ndipo zotsalazo ziikiridwe malire chida chisanayatsidwe: dera, nthawi, ndi mtundu wa chowomberedwa. Lamulo la unduna wa zachitetezo ku America la 2012, lokonzedwanso mu 2023, limangofuna kuti nzeru za munthu zilowepo "pa mlingo woyenera", osati kuti avomereze kuwombera kulikonse. Mayiko akhala akukambirana zimenezi ku Geneva kuyambira 2014, ndipo zokambiranazo zimayenda pang'onopang'ono chifukwa dziko limodzi lokha likakana, mfundo siidutsa.