Kumangiratu mtengo wa dola katundu asanafike

"Ndimaitanitsa matayala ku China, saplaya amandipatsa masiku 90 kuti ndilipire 20,000 dolazi. Ku banki akuti ndisayine fowadi kontirakiti koma mtengo wake ndiwokwera kuposa wa lero. Sakundibera awa?"

Ayi achimwene, sakukuberani, kungoti sanakulongosolereni bwino. Fowadiyo ndi pangano loti pa tsiku lakutilakuti banki idzakugulitsani madola ochuluka mwakuti pa mtengo womwe mwagwirizana lero, kaya kwacha igwe kaya isagwe.

Kukwerako sikuti banki ikulosera zakutsogolo, kumachokera pa kusiyana kwa chiwongoladzanja. Tingoyerekeza kuti lero dola ili pa K1,750, chiwongoladzanja cha kwacha ndi 25 peresenti pachaka, cha dola ndi 5. Kuti banki idziteteze imayenera kugula madola anuwo lero nkuwasunga miyezi itatu, ndiye kwacha yomwe yatulutsayo ikanapindula 6.25 peresenti pomwe madolawo apindula 1.25 yokha basi, kusiyanako amakuika pa inu. Mukawerengera mtengo umafika cha pa K1,836, kenako amaonjezerapo kaphindu kawo, ndipo kaphinduko ndi komwe munganenerere.

Ndiye pa 20,000 yanuyo mudzalipira K36,720,000 m'malo mwa K35,000,000. Kwacha ikapanda kusuntha mwaluza K1,720,000 ndipo simungathawe, mudzagulabe pa mtengo womwe munasayinira. Koma kumbukirani Novembala 2023 pomwe Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka cha pa K1,180 kufika K1,700 tsiku limodzi. Munthu wa ngongole ngati yanuyi anagona akufunika K23.6 miliyoni, kudzuka ikufunika K34 miliyoni, matayala atagulitsa kale pa mtengo wakale, ndalama yoonjezera aitenga kuti? Anthu anavutika zedi nthawi imeneyo. Ine ndinganene kuti sayinani, kenako mitengo ya matayala anu muiwerengere pa K1,836 osati pa K1,750.

Pomwe anthu amapsa nawo kwambiri ndi pa tsiku. Kontena ikachedwa pa doko la Beira kapena oda ikalephereka, pangano lija silidikira, tsiku likakwana muyenera kukhala ndi makwacha onse, apo ayi banki imalitseka pa mtengo wa tsikulo ndipo ngati pali kuluza ndi kwanu. Choncho tsiku lake ligwirizane ndi la pa invoisi, ndipo ngati mukukayika pemphani pangano lokulolani kutenga madolawo tsiku lililonse mkati mwa masabata angapo. Funsaninso dipoziti yomwe akufuna, chifukwa ndalama imeneyo imakhala yomangika mpaka mapeto.

Chinanso, ndi kusowa kwa madola kwathu kunoku, muwafunse mosapita m'mbali ngati pa tsikulo adzatumizadi madola enieni kwa saplaya wanu kapena adzangokupatsani kusiyana kwa mitengo mu kwacha. Akakupatsani kusiyana kokha ndiye kuti mudzakhalabe pamzere wodikira madola uku saplaya akukuimbirani, ndiye zimenezo zilembedwe m'panganomo musanasayine.