Ngongole yatsala zingati nditabweza miyezi isanu?

"Ndimagulitsa kaunjika. Ndinatenga ngongole ya K1,000,000 yobweza miyezi 12, chiwongoladzanja 4 peresenti pamwezi pa ndalama yotsala, ndipo ndimapereka K106,552 mwezi uliwonse. Ndapereka kasanu, zonse pamodzi K532,760, ndiye ndimati kwatsala K467,240. Nditapita kuti nditseke ngongole andiuza K639,500. Kodi akundibera?"

Mayi, pa masamu awa sanakubereni. Mwalakwitsa malo amodzi okha, omwe pafupifupi aliyense wondilembera amalakwitsa: mwachotsa ndalama zonse zomwe mwapereka pa miliyoni ija, ngati kuti chiwongoladzanja chinaima tsiku lomwe munasaina.

Taonani mwezi woyamba. Pa K106,552 yanu, K40,000 inapita ku chiwongoladzanja, ndipo yomwe inakhudza ngongole yeniyeni ndi K66,552 yokha. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chinatsika kufika pafupifupi K37,300 chifukwa ngongole inali itachepako. Miyezi isanu yonse, chiwongoladzanja chadya pafupifupi K172,300. Iphatikizeni pa K467,240 yanu ija, mupeza nambala yomwe anakuuzani.

Pali njira ziwiri zodziwerengera nokha pa foni, ndipo ndikufuna muzidziwe zonse.

Yoyamba ndi yoyang'ana m'mbuyo. Yerekezani kuti simunabwezeko kalikonse. Miliyoni ichulukitseni ndi 1.04 kasanu, ikula kufika K1,216,650. Koma munabweza, ndipo ndalama iliyonse yomwe munapereka inakupulumutsani ku chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwe inalowa. Choncho nayonso ikuzeni: ya mwezi woyamba ndi 1.04 kanayi, yachiwiri katatu, mpaka yachisanu yomwe simuikuza konse. Zisanuzo zikwana pafupifupi K577,120. Chotsani pa K1,216,650, itsala K639,530.

Yachiwiri ndi yoyang'ana kutsogolo, ndipo siifunsa kuti munabwereka zingati. Kwatsala miyezi 7 ya K106,552, yomwe ikukwana K745,864. Koma m'kati mwa ndalamayi muli chiwongoladzanja cha miyezi yomwe sinafike, chimene simuyenera kulipira ngati mukutseka lero. Ndiye ya mwezi wamawa igaweni ndi 1.04 kamodzi, ikhala K102,450. Yotsatira igaweni kawiri, mpaka yomaliza kasanu ndi kawiri, yomwe lero ndi K80,970 basi. Mukaziphatikiza zonse mufika pa K639,530 yomweyo. Kutseka lero kukupulumutsirani pafupifupi K106,300, ndalama ya mwezi wathunthu.

Tsopano funso lomwe ndikadakonda mukadafunsa ndi lakuti, nanga njira ziwirizi zikasiyana? Zimafanana pokhapokha ngati mwezi uliwonse munapereka ndalama yonse pa tsiku lake. Njira yakutsogolo imangokhulupirira kuti zonse zinayenda monga munagwirizana. Yam'mbuyo ndiyo imatsata zomwe zinachitikadi. Tinene kuti mwezi wachitatu kunagwa maliro kumudzi, achibale nkukuyang'anani inu chifukwa ndinu wa geni, ndipo ndalama ya ngongole inagula bokosi ndi ufa. Mwezi wachisanu ukamatha, K106,552 yodumphidwayo yakula kufika pafupifupi K115,250, ndipo ngongole yanu ili pa K754,800, chindapusa chochedwa tisanawerenge. Mukawerenga miyezi 7 yotsala pa pepala mudzapezabe K639,530, mudzakakangana ndi wa pa kauntala, koma wolondola adzakhala iye.

Apa ndiye pamandiwawa, Mayi. Njira yam'mbuyo siyenda popanda masiku ndi ndalama zenizeni, koma ambiri a inu malisiti ali m'thumba la chitenje, ena ananyowa, mauthenga a pa foni munafufuta kuti mupeze malo a zithunzi. Belo lililonse mumalidziwa mtengo wake mpaka pa kwacha, koma ngongole ya miliyoni mukuisunga m'mutu. Gulani kope la ngongole yokha. Mzere uliwonse mulembe tsiku, ndalama yomwe mwapereka, chiwongoladzanja cha mweziwo, ndi yotsala. Munthu wa kope sanamizidwa pa kauntala.

Obwereketsa nawonso ndili nawo mawu. Ena amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba, mwezi ndi mwezi, ngakhale mwabweza theka. Pa miliyoni yanu imeneyo ikadakhala K40,000 mwezi uliwonse mpaka kumapeto, K480,000 pachaka, pamene ngongole yanuyi ikudya pafupifupi K278,600. Onse awiri amati "4 peresenti". Pa ngongole yotere masamu ndakupatsaniwa sagwira momwemo, choncho funsani musanasaine.

Musanapite ndi ndalama, pemphani sitetimenti yolembedwa, yoonetsa mwezi uliwonse padera, ndipo muwerengenso pepala lomwe munasaina ngati muli chilango chotsekera ngongole msanga. Chikakhalamo, chichotseni pa K106,300 ija muone chotsala. Funsaninso kuti K639,500 ndi ya tsiku liti, chifukwa sabata iliyonse yomwe mukuchedwa ikuwonjezera pafupifupi K6,000.