Matumba 10 ndendende: bonasi alandire kapena ayi?

"Moni achimwene. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mpunga kuno ku Makhuwira, Chikwawa. Tinagwirizana kuti wogulitsa makilo 500 kudzera ku kalabu alandira bonasi. Ine pa Excel anthu akutuluka 16, koma msungichuma powerenga pamanja wapeza 23. Tikayang'ana, 7 enawo ali pa 500 ndendende, ndiye pano anthu akuti ndikuwabera. Wolakwa ndani?"

Zikomo alembi. Musanayambe kukayikira kompyuta kapena amsungichuma, tsegulani selo yomwe muli fomula ija muone kachizindikiro kali pakati pa B2 ndi 500. Ndikukhulupirira mupeza mzere woyambawu, pomwe amsungichuma m'mutu mwawo akuyendera wachiwiriwu:

```
=IF(B2>500,"Alandira","Ayi")
=IF(B2>=500,"Alandira","Ayi")
```

Woyambawo ukuti munthu apitirire 500, wofika pa 500 penipeni wagwa. Wachiwiriwo ukuti akangofika basi, walowa. Nonse awiri mwawerenga bwino, kungoti mukuwerenga malamulo awiri osiyana, ndipo komiti sinanene kuti lake ndi liti.

Anthu ambiri amaganiza kuti kugwera pamzere penipeni ndi zamwadzidzidzi, zochitika kamodzi pa zaka kaya zingati, ndiye sataya nthawi kukambirana. Koma taganizani, thumba ndi makilo 50, mlimi atamva kuti 500 anangowerenga matumba 10, n'kukweza pangolo, otsalawo n'kusungira ana pakhomo. Angabweretse la 11 chifukwa chani? Malire mukangowalengeza anthu amalunjika pomwepo, n'chifukwa chake pamzere pamadzadza anthu kuposa pena paliponse. Mukafuna kuona kukula kwa nkhaniyi chaka chilichonse musanagawe kanthu, lembani `=COUNTIF(B2:B80,500)` ikuuzani kuti aima pamzere ndi angati.

Ndiye 7 amenewa atani? Izi Excel singakuyankheni, yankho lili m'maminitsi a tsiku lomwe munagwirizana. Ngati munalemba kuti "wofika makilo 500" kapena "osachepera makilo 500", alandire, palibenso zokambirana. Ngati munalemba "wopitirira" kapena "woposa", ndiye kuti 500 yokha sikwanira. Koma mmene mwalembera m'kalata yanumu, "wogulitsa makilo 500", ine ndikuona kuti alandire ndithu. Munthu wa matumba 10 wagulitsa makilo 500, wachita zomwe anauzidwa, ndipo si bwino kuti kusamveka kwa mawu a komiti kulipiridwe ndi mlimi yemwe wakhala akupirikitsa mbalame m'munda ndi dzuwa la kuchigwa kunoli. Chokhacho, musakangosintha fomula mwakachetechete usiku. Itanitsani komiti, agamule, zilowe m'maminitsi, kenako musinthe. Apo ayi mawa wina adzati mlembi anasintha kuti alowetse mlamu wake.

Si kuti nthawi zonse wofika pamzere amayenera kudutsa ayi, zimatengera cholinga cha malirewo. Khoti litagamula pa 3 February 2020 kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, zija timati 50+1, ndiye kuti wopeza theka ndendende sanapambane, chifukwa anthu awiri atha kupeza theka aliyense koma mpando ndi umodzi. Kusikelo ya ana nako, akamayeza mkono ndi katepi kaja, mwana wonyentchera kwambiri ndi yemwe ali pansi pa 11.5 cm, wa 11.5 penipeni amapita m'gulu lotsatira. Onsewa anakhala pansi n'kusankha mbali, n'kulemba. Bonasi yanuyi cholinga chake n'chakuti anthu afike pa mlingo winawake, choncho wofika alowe.

Tsopano pali msampha wina womwe ndikufuna muufufuze lero lomwe musanapite kumsonkhano, chifukwa ukhoza kukuchititsani manyazi pagulu. Tinene kuti mayi wina anabweretsa matumba 10, 9 anakwana 50 koma limodzi sikelo inati 49.6, zonse pamodzi 499.6. Ngati selo yanu munaikonza kuti isamaonetse manambala a kuseri kwa kadontho, pa sikirini pazioneka 500, pa pepala lopulinta 500, amsungichuma awerenga 500, koma fomula imayang'ana nambala yeniyeni yomwe ili mkatimo, 499.6, ndipo ngakhale muike `>=` idzati "Ayi". Kuzindikira kwake n'kosavuta, dinani pa aliyense mwa 7 aja, muwonjezere madesimo ndi batani la `Increase Decimal`, muone ngati 500 wake akhalabe 500.0. Kapena ngati COUNTIF ija yakupatsani 6 pomwe maso anu akuona 7, dziwani kuti mmodzi ndi wotereyu.

Apa napo komiti isankhe. Mwina mukuti timayeza mpaka 0.1 ya kilo ndipo 499.6 ndi yoperewera, basi. Mwina mukuti timayamba tazunguliza nambala ku kilo yathunthu:

```
=IF(ROUND(B2,0)>=500,"Alandira","Ayi")
```

Koma dziwani kuti mukatero malire simunawachotse, mwangowasuntha, afika pa 499.5, ndipo tsiku lina kudzabwera wa 499.4 naye akudandaula. Ine ndikanakonda kuzunguliza, chifukwa sikelo yokoleka pamtengo ija kusiyana kwa theka la kilo pa matumba 10 singakulumbirire, komabe chachikulu n'chakuti aliyense adziwe mpunga usanakwere pasikelo.

Ngati muli ndi magulu angapo a bonasi samalaninso kalembedwe kaja ka 0–300, 300–500, 500 kupita m'mwamba, chifukwa wa 300 ali m'magulu awiri nthawi imodzi. Ena pothawa zimenezo amalemba 0–299 ndi 300–499, ndiye wa 299.5 amasowa kolowera. Lembani kuti "kuyambira 300 koma osafika 500", gulu lililonse litenge nambala yake yoyambira, yomalizira isiyire gulu lotsatira.

Kalembedwe ka lamulolo kasakhale kotalika, koma kayankhe funso la pamzere mosapita m'mbali. Mwachitsanzo: "Bonasi alandira membala yemwe wagulitsa makilo 500 kapena kuposerapo m'nyengo imodzi. Wa makilo 500 ndendende alandira. Timawerenga kulemera kwa mpunga titachotsa kwa thumba, n'kuzunguliza ku kilo yathunthu pa chiwerengero chonse, osati thumba lililonse palokha." Pansi pake tsiku la msonkhano ndi masiginecha a wapampando ndi inu. Chiganizo chachiwiricho chikuoneka ngati kubwereza koma musachichotse, ndi chomwe chidzatseke mkangano. Mawu omwewo muwaike pamwamba pa shiti ya Excel, muwamatenso pakhoma pomwe mumayezera, ndipo 500 akhale m'selo imodzi yokha, tinene E1, mafomula onse aziloza `$E$1`, kuti chaka chamawa akadzati 600 musadzasinthe pena n'kuiwala pena.

Mukamaliza kukonza, pansi pa shiti ikani mayina atatu abodza, wina 499.4, wina 500, wina 500.1, ndipo ngati mwasankha kuzunguliza onjezani wa 499.5. Lembani papepala yankho lomwe lamulo likufuna pa aliyense musanayang'ane sikirini, kenako mufananize. Amsungichuma nawo awerenge mayina omwewo pamanja, mayankho anu akafanana pa onsewo ndiye mupulinte mndandanda wopita nawo kumsonkhano, mutafufuta kaye mayina abodzawo.