iPhone 11 ya pa Fesibuku yolembedwa batire 100%, ndiiyese bwanji ndisanamalize kulipira?

"Ndine mphunzitsi kuno ku Katete. Ndapeza iPhone 11 pa Fesibuku kwa mnyamata wa ku Lusaka, K4,000, ndinatumiza kale theka. Akuti aikweza basi, msuweni wake ndiye azandipatsa ku Chipata Loweruka ndipo ndizamalizira ndalama pompo. Akuti ndi yosatsekedwa, batire 100%. Ndizadziwa bwanji kuti sakundinamiza?"

Aphunzitsi, theka lomwe latsala m'manja mwanulo ndiye mphamvu yanu yonse, musalitulutse mpaka foniyo itafufutidwa inu mukuona, ndi kuyakanso ndi simu yanu mkati. Muuzeni msuweniyo lero lomwe kuti muzafuna ola lathunthu ndi foniyo, mutakhala pansi pamalo pomwe netiweki imagwira bwino, osati choimirira pa siteshoni makondakitala akukuwa. Akakana ola limenelo ine ndinganene kuti ndalama zotsalazo bwererani nazo ku Katete. Tengani simu zamakampani awiri, kaya MTN ndi Airtel kaya Zamtel, kaphini kotsegulira simu, ndi foni yanu yakale ili ndi bandulo yoti muyatse hotisipoti.

Musanafufute kalikonse pali chinthu chimodzi choyamba kuona, chifukwa kufufuta kumachotsa umboniwu. Lowani Settings, Privacy & Security, Analytics & Improvements, kenako Analytics Data. Muzaona mndandanda wautali wa mafayilo, musachite nawo mantha, tsikani chabe mpaka pa chilembo p mufune dzina loyamba ndi panic-full. Imodzi yakalekale si nkhani, koma zikakhala zambiri za masiku otsatizana ndiye kuti foniyo imazima ndi kuyaka yokha, nthawi zambiri chifukwa ka waya ka pochajira kapena ka batani kanaonongeka, ndipo foni yotere imakonda kuzima pakatha pafupifupi mphindi zitatu zilizonse. Munthu woiyesa mothamanga saona kanthu, amakazindikira ali kunyumba.

Manje maloko. Anthu akati "yosatsekedwa" amatanthauza chimodzi chabe, choti imalola simu iliyonse, koma maloko alipo atatu ndipo loopsa kwambiri si limenelo.

Loopsa ndi la iCloud. Mwini wake akayatsa Find My, foniyo imamangidwa ku akaunti yake kumakompyuta a Apple, osati m'foni momwemo ayi, ndiye olo muifulashe kangati izakufunsanibe imelo ndi pasiwedi ya mwini wakale. Tsegulani Settings muone pamwamba penipeni, ngati pali dzina la munthu, munthu ameneyo atulukemo ndi Sign Out, ndipo pafunika pasiwedi yake. Poti wogulitsa ali ku Lusaka muimbireni, akhoza kuichotsa ali komweko pa iCloud.com/find. Koma olo mupeze palibe dzina musakhutire, apa ndi pomwe ambiri amapwetekera. Pali mafoni omwe amisiri anangolilambalala lokolo, amati baipasi, foni imatseguka bwinobwino, Watsapu imalowa, kamera ikujambula, koma tsiku lomwe muzaifufute loko libwerera ndipo ina siigwira n'komwe simu, imangoyendera wayifayi. Njira yogwirira bodzali ndi imodzi: Settings, General, Transfer or Reset iPhone, Erase All Content and Settings. Ikayaka ndi mawu oti Hello, ilumikizeni ku hotisipoti yanu mupitirize mpaka mufike pomwe pali maapu. Ikalemba iPhone Locked to Owner, imani pomwepo. Mawu oti "pasiwedi ndikutumizirani madzulo" musawamvere, madzulo amenewo safika, ndipo palibe shopu ya ku Down Shops kapena ku Kapata yomwe ingachotse lokoli zenizeni.

Pa ulendo womwewo wa Hello muzagwiranso loko lachiwiri. Mukaona tsamba lolembedwa Remote Management ndiye kuti foniyo ndi ya kampani kapena sukulu ina yake ndipo eni ake angathe kuitseka ali kutali. Ikatseguka kaoneninso pa General, VPN & Device Management, pasakhale dzina la bungwe lililonse. Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha anzathu ogula Samsung, Tecno ndi Itel: kwa inu vuto lofanana ndi ili ndi mafoni a ngongole, aja olipira pang'onopang'ono pa mobayilo mane. Munthu amalipira sabata imodzi kuti itseguke, n'kuigulitsa, sabata ikatha foni yatseka ikufuna ndalama kwa inu. Kufufuta sikuchotsa loko limeneli. Yang'anani m'maapu ngati muli apu ya kampani ya ngongole yokana kuchotsedwa, ndipo akaunti ya Google ya mwini wake ichotsedwe musanafufute, apo ayi izakufunsani akauntiyo ikayaka.

Lachitatu ndi lija la simu, ili n'losavuta. General, About, tsikani pa Carrier Lock, payenera kulembedwa No SIM restrictions. Ikani simu yoyamba muimbe, ikani yachiwiri muimbenso, muyatse data muone ngati 4G ikubwera. Ngati mumaolokako pa Mwami kupita ku Mchinji izi n'zofunika ngako, chifukwa muzafuna kuikamo TNM. Simu ili kunja choncho, onani zinthu ziwiri. Pa kathireyi ka simu ka iPhone 11 panalembedwa IMEI, nambala yodziwira foniyo, ya manambala 15, timalemba tating'ono, ifanane ndi yomwe ituluke mukaimba *#06# komanso ya pa About. Zikasiyana ndiye kuti kathireyiko kapena thupi lonse ndi la foni ina, zamkati ndi za ina. Kenako unikani ndi tochi m'kabowo ka simu, muli kachizindikiro koyera, kakafiira ndiye kuti munalowapo madzi.

Tibwere ku batire, chifukwa 100% imeneyo ndi yomwe yandidetsa nkhawa mu kalata yanu. iPhone 11 inatuluka mu 2019. Apple yokha imanena kuti batire la mafoni amenewa linapangidwa kuti lizitsala ndi 80% likachajidwa modzaza ka 500, ndipo munthu wochaja tsiku ndi tsiku amafikapo pasanathe zaka ziwiri. Ndiye foni ya zaka zonsezi singakhale ndi batire lake loyamba lili pa 100%. Mwina linasinthidwa, zomwe si zoipa ngati akuuzani, kapena nambalayo inaseweretsedwa.

Mmene amachitira ndi motere. Batire lili ndi kabolodi kakang'ono komwe kamasunga chiwerengero cha kuchaja ndi thanzi lake. Mmisiri wokhala ndi kamakina kolembera amatha kubweza chiwerengerocho pa ziro, kapena kumata kawaya kena pakati pa batire ndi foni, foni n'kumawerenga 100% pomwe mkati muli batire lotopa lomwe lija. N'chimodzimodzi kubweza makilomita a galimoto, injini ikadali yakale. Ena amasamutsa kabolodi koyambako n'kukaika pa batire latsopano lotchipa kuti foni isadandaule, limeneli likhoza kukhala labwinoko, koma simungadziwe poona nambala.

Yambani ndi General, About, mufune Parts and Service History, imapezeka kuyambira iOS 15.2. Pa iPhone 11 imaonetsa batire ndi sikirini. Genuine Apple Part ndiye kuti linasinthidwa mwa dongosolo, Unknown Part ndiye kuti ndi la kwina, ndipo kunena zoona ine Unknown Part sindimaiopa kwambiri, bola ikunena chilungamo ndipo mtengo utsike. Chomwe ndimakayikira ndi foni yopanda mbiri iliyonse pamenepo koma pa Battery, Battery Health & Charging, Maximum Capacity ikuti 100%. Foni ya 2019 yonena 82% ndingaikhulupirire kuposa imeneyo.

Ndiye liyeseni ndi wotchi. Batire likhale pakati pa 50% ndi 85%, osati lodzaza, chifukwa pamwamba penipeni nambala imachedwa kutsika ndipo ogulitsa ena amabwera nayo yodzaza dala. Lembani nambala, ikani kuwala pakatikati, seweretsani vidiyo ya pa intaneti kwa mphindi 20 osaima. Apple inati iPhone 11 yatsopano imatha maola 10 ikuonetsa vidiyo ya pa intaneti, kutanthauza 10% pa ola, ndiye pa mphindi 20 ndi 3% kapena 4%. Tinene mwayamba pa 70. Mukapeza 67, 66 kapena 65, batirelo lili bwino. Mukapeza 60 kapena kutsika apo, 100% ija ndi yabodza. Muziyang'ananso katsikidwe kake, batire labwino limatsika imodziimodzi, lotopa limakhala pa 68 nthawi yaitali kenako mwadzidzidzi 61. Mukatha jambulani vidiyo ya 4K mphindi zochepa, kufunda pang'ono n'kwachibadwa koma isazime kapena kutentha mpaka kuvuta kugwira. Igonekeninso pa tebulo muiyang'ane cham'mbali, sikirini ikatukuka mbali imodzi ndiye kuti batire latupa, limenelo n'loopsa, musachaje n'komwe. Likangokhala lotopa chabe, foni yonse ili bwino, funsani mtengo wa batire kwa amisiri awiri m'tauni muchotse pa ndalama zotsalazo.

Zotsalazi n'zachangu. Lembetsani nkhope yanu pa Face ID mpaka itheke, ikakana dziwani kuti kukonza kwake n'kovuta komanso kodula, ndipo maapu a banki muzangolowa ndi manambala. Kokani pakona yakumanja m'mwamba, dinikizani pa kuwala muone ngati pali True Tone, ikasowa kawirikawiri sikirini inasinthidwa. Gwirani apu imodzi mpaka igwedere, muikokere m'makona onse ndi m'mphepete, ikakuthawani chala pamalo amodzimodzi ndiye kuti pamenepo sikirini inafa. Maiki alipo atatu ndipo anthu amayesa imodzi, jambulani mawu pa Voice Memos, kenako vidiyo ndi kamera yakutsogolo, kenako yakumbuyo, mumvere zonse zitatu. Poimba muike foni kukhutu, sikirini iyenera kuzima. Lowetsani waya wochajira muugwedeze pang'ono, isamadukeduke.

Pomaliza nkhani ya foni yakuba, iyi foni payokha singakuuzeni bwino. Masamba a pa intaneti oyang'ana IMEI amathandiza pa mafoni ochokera kunja omwe anatsekedwa kwawo, koma foni yotsomphoredwa mu minibasi ku Lusaka sabata yatha akhoza kuionetsa yoyera, ndipo apolisi akamatsata IMEI amafikira yemwe simu yake ili mkati, ameneyo muzakhala inu aphunzitsi. Ndiye lembani kapepala ka mgwirizano pamanja, pakhale tsiku, mtengo, IMEI, dzina ndi nambala ya chitupa cha msuweniyo, ndi mawu oti foni ikatseka kapena kupezeka ndi mlandu ndalama zibwezedwa, asaine inu mujambule chitupacho pamodzi ndi pepalalo. Zotsalazo tumizani pa mobayilo mane ku nambala yomwe ija munatumizako theka loyamba, muone dzina lomwe lituluke musanatsimikize, ndipo mauthenga onse a pa Fesibuku ndi chithunzi cha malonda aja muzijambule lero, asanazichotse.