Kodi "Salimo la Davide" ndi umboni kuti analemba ndi Davide?

"Ndimatsogolera phunziro la Baibulo la amayi. Mwana wanga amene ali ku koleji wandiuza kuti mawu oti 'Salimo la Davide' sakutanthauza kuti Davide ndiye analemba. Kodi ndakhala ndikuphunzitsa bodza? Mawu apamwambawa amatanthauza chiyani kwenikweni?"

Mayi, simunaphunzitse bodza, komanso mwana wanu sananame. Tsegulani Salimo 72, muone chifukwa chake.

Pamwamba pa salimoli pali dzina la Solomoni. Ndiye werengani ndime yoyamba: wopempherayo akupempha Mulungu kuti apatse mfumu maweruzo ake, ndi mwana wa mfumu chilungamo chake. Salimo lonse likupempherera mfumuyo, kuti iweruze aumphawi mwachilungamo, kuti mafumu a ku Tarisi ndi ku Seba aibweretsere mphatso. Mukafika pa ndime 20 mupeza mawu oti mapemphero a Davide mwana wa Jese athera pamenepo. Pamwamba Solomoni, pansi Davide. Nanga analemba ndani?

M'Chiheberi, chimene chili kutsogolo kwa dzinalo ndi chilembo chimodzi chokha, chotchedwa lamedi. Chimagwira ntchito ngati "la" wathu uja. Kwathu tikati "nyimbo ya amfumu", mwina amfumu anaipeka okha, mwina anthu anawapekera pa tsiku lowalonga ufumu, mwinanso ikungonena za iwo. Lamedi amatero ndithu. Pa Habakuku 3:1, "pemphero la Habakuku" likuoneka kuti ndi mawu a mneneriyo mwini wake. Koma chilembo chomwecho chili m'mawu oti "kwa mkulu wa oimba", amene ali pamwamba pa masalimo okwana 55, ndipo palibe amene amati mkulu wa oimba ndiye anawapeka. Ayuda amene anamasulira Malemba m'Chigriki Khristu asanabadwe, m'buku lotchedwa Seputuwaginta, anamva mutu wa Salimo 72 kuti "kwa Solomoni": pemphero lomupempherera, osati lolembedwa ndi iye.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Bambo anga ankawerenga salimo usiku uliwonse titatha kudya, ndipo sankalumpha mawu apamwamba. Ankayamba ndi "Salimo la Davide, muja anathawa Abisalomu mwana wake", n'kuima kaye, n'kutifotokozera za bambo wotuluka mu Yerusalemu wopanda nsapato, akulira, akuthawa mwana wake womubereka yekha. Salimo 3 ndinalidziwa motero, ndipo mpaka lero ndimalimva ndi mawu awo. Ndiye nditapita ku maphunziro, mphunzitsi wina anatiuza akuseka kuti mitu yonseyi ndi nthano za alembi. Ndinabwerera kunyumba pa tchuthi mtima uli wolemera, osafuna kuwauza bambo. Tsiku lina tikupalira ndinangowafunsa za Salimo 34, limene mutu wake umati Davide anadzichititsa misala pamaso pa Abimeleki, pomwe 1 Samueli 21 imati mfumuyo inali Akisi wa ku Gati. Anandiyankha osaleka kupalira kuti anaziona kalekale, ndipo kuti munthu wowerenga Baibulo tsiku ndi tsiku sadabwa ndi zotere. Amadabwa ndi amene amalitsegula Lamulungu lokha. Iwo sanapite ku koleji, koma anali ataona chimene mphunzitsi uja ankachiyesa chinsinsi.

Kuyambira pamenepo sindigwirizana ndi magulu awiri. Loyamba ndi la ophunzira amene amaseka chikhulupiriro cha makolo awo atangowerenga mutu umodzi wa buku. Lachiwiri, ndipo ili limandipweteka koposa, ndi la abusa amene anaphunzira zonsezi ku sukulu ya ubusa koma amazibisa kwa nkhosa zawo, poganiza kuti amayi a mvano sangazimvetse. Kumeneko ndi kunyoza anthu. Kukana kuphunzitsa ndiko kumachititsa kuti mayi ngati inu amve nkhaniyi koyamba kwa mwana wake, n'kuyamba kudzikayikira.

Chifukwa chake mitu si umboni wokwanira

M'Baibulo la Chiheberi masalimo 73 mwa 150 ali ndi dzina la Davide, ndipo awiri, 72 ndi 127, ali ndi la Solomoni. Mu Seputuwaginta masalimo a dzina la Davide ndi opitirira 80. M'menemo dzinali lilinso pamwamba pa salimo lija la olira m'mbali mwa mitsinje ya ku Babulo, limene ife timaliwerenga ngati 137. Yerusalemu anagwa cha m'ma 586 Khristu asanabadwe, Davide atamwalira zaka pafupifupi 400 m'mbuyomo. Amene anaika dzinalo ankaidziwa mbiri imeneyi, choncho n'zovuta kuganiza kuti ankatanthauza kuti Davide anakhala pansi ku Babulo n'kulemba. Mpukutu wina wa masalimo umene unapezeka m'phanga la ku Kumurani, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1956 umati Davide anapeka nyimbo 4,050. Zonsezi zikuonetsa kuti dzina la Davide linkakulirakulira pa masalimo m'kupita kwa nthawi, mpaka buku lonse linkangotchedwa la Davide. N'chifukwa chake Ahebri 4:7 imatchula Davide pogwira mawu a Salimo 95, limene m'Chiheberi lilibe mutu uliwonse.

Ngakhale salimo lomwe mumalikonda, la 51, lili ndi funso lake. Mutu umalilumikiza ndi tsiku limene Natani anadzudzula Davide pa nkhani ya Batiseba, koma kumapeto limapempha Mulungu kuti amange malinga a Yerusalemu. Ambiri amati ndime ziwiri zomalizazi anaziwonjezera anthu amene anaona malingawo atagumuka, natenga pemphero lakale kukhala lawo.

Komatu mwana wanu asapitirire malire. Chipangano Chakale chimamudziwa Davide ngati woimba: anaimbira Sauli zeze, anapeka nyimbo ya maliro a Sauli ndi Yonatani pa 2 Samueli 1, ndipo Amosi 6:5 imamutchula pa nkhani ya zoimbira. Salimo 18 lilinso pa 2 Samueli 22, pomwe akunena mosabisa kuti Davide ananena mawu a nyimboyi kwa Yehova. Yesu mwini, pa Marko 12:36, anatenga Salimo 110 ngati mawu a Davide. Kunena kuti mutu sukutsimikizira wolemba sikufanana ndi kunena kuti Davide sanalembe kanthu. Ine ndimakhulupirira kuti analemba ena mwa masalimowa, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ku phunziro lanu, mayi, werengani mutuwo mokweza monga mwa nthawi zonse, chifukwa ndi wakale kwambiri ndipo ukusonyeza mmene Aisraeli ankalimvera salimolo. Ngati ukutchula chochitika, monga umachitira pa masalimo okwana 13, tsegulani mabuku a Samueli muwerenge nkhaniyo. Kenaka funsani amayiwo ngati zimene zili m'kati mwa salimo zikugwirizana ndi nthawi ya mfumu yotchulidwayo. Pomwe zikugwirizana, nenani kuti "mutu ukuti la Davide". Pomwe pali Babulo kapena malinga ogumuka, nenani zimenezonso. Ndipo mwana wanuyo akabwera pa tchuthi, mumuitane adzawerenge nanu Salimo 72.