Lendi yolipiriratu ndi bilu yosalipira: kulemba majenolo a kumapeto kwa chaka

"Aphunzitsi, funso la ma adijasimenti limandidyera mamakisi nthawi zonse. Chaka chikutha pa 31 Disembala, lendi ya 120,000 inalipiridwa pa 1 Novembala ya miyezi 6, ndiye bilu ya magetsi ya 15,000 sinalipiridwe. Ndidebita chani ndikiredita chani?"

Musanagwire cholembera dzifunseni kaye, za chaka chinochi ndi zingati? Zoti ndalama yatuluka kapena ayi zisiyeni.

Magetsi ndi osavuta. Munawagwiritsa ntchito chaka chino basi kungoti simunalipire, ndiye ndi ekisipensi ya chaka chino komanso ndi ngongole.

```
Dr Electricity expense  15,000
   Cr Accrued expenses  15,000
```

Ngati mu thirayo balansi magetsi anali kale 165,000, ku sitetimenti ya phindu kupita 180,000, ndipo 15,000 ija ikaonekanso ku balansi shiti pa ngongole zobweza posachedwa.

Pa lendi mpamene anthu amagwa. 120,000 kugawa miyezi 6 ndi 20,000 pamwezi. Werengani miyezi ndi zala, osachita manyazi: Novembala, Disembala, iwiri yokha, 40,000. Januwale mpaka Epulo ndi inayi, 80,000, imeneyo ndi ya chaka chamawa, panopa ndi aseti poti mwini nyumba akadali nanu ngongole ya malo okhala.

Tsono apa pali msampha. Kaoneni mu thirayo balansi kuti 120,000 ija anaiika pati, chifukwa jenolo yanu ikudalira pamenepo. Ngati yonse ili mu akaunti ya lendi ngati ekisipensi, ndiye yachulukitsa, muchotsemo ya chaka chamawa:

```
Dr Prepaid rent     80,000
   Cr Rent expense  80,000
```

Koma ngati anaiika yonse mu akaunti ya zolipiriratu, ndiye mukuchotsamo imene yadyedwa kale:

```
Dr Rent expense     40,000
   Cr Prepaid rent  40,000
```

Njira zonse ziwirizi zikufikitsani pamodzimodzi, ekisipensi 40,000, aseti 80,000. Ndimaona ambiri analoweza jenolo imodzi yokha ndiye amangoiponya paliponse, mapeto ake lendi ya miyezi iwiri imatha kutuluka 160,000 phindu nkuchepa ndi 120,000 osadziwa kuti zalakwika pati, ndiye mukamaliza bwererani mufunse ngati nambala yatsala mu ekisipensi ikufanana ndi miyezi munawerenga ndi zala ija.

China, mukangoona mwalemba banki kapena kashi mu majenolo awiriwa dziwani kuti mwasochera. Pa 31 Disembala palibe ndalama yayenda, ya lendi inatuluka kale mu Novembala, ya magetsi idzatuluka bilu ikadzalipiridwa. Ndipo pansi pa jenolo iliyonse muike kamzere kofotokoza ndi masamu anu, 20,000 x 4, ochonga akaone mmene mwaipezera 80,000 yo.